"Mpaka 4/7": Uthenga Umene Unayendetsa Munthu Ulendo Wachabe

Lachisanu pa 4 Julayi 2025, mlembi wa kalabu ina ya alimi a soya analawirira kuchoka ku Mchinji kupita ku Lilongwe, mapepala a malipiro a anzake ali m'chikwama. Sankakayika n'komwe kuti amene akupita kukamuonayo akamupeza. Masiku angapo m'mbuyomo anali atalemba imelo kwa mayi wowerengera ndalama ku bungwe limene limawagula soyayo, ndipo mphindi isanathe yankho linabwera, lija limadzitumiza lokha mwini imelo akakhala kuti sali pa ntchito. M'yankhomo munali mawu akuti "mpaka 4/7". Bamboyo anamva kuti pa 4 mayiwo adzakhala atafika. Atalowa mu ofesi anangopeza mpando.

Mayi wowerengera ndalamayo ndi mlamu wanga. Madzulo a tsiku lomwelo anandiimbira foni ali kumudzi, mawu ake akumveka kuti nkhaniyi yamukhudza. "Alamu, taonani zimene ndinalembazi, mundiuze pamene ndinaphonya. Ine ndimayesa zikumveka." Ananditumizira uthengawo, ndipo ndaukopera pano monga mmene unalili. Anaulemba m'Chichewa chifukwa ambiri amene amamulembera ndi alembi a makalabu a kumudzi:

> zikomo chifukwa cha kalata yanu ndachokapo sabata yamawa kuyambira 23/6 mpaka 4/7 sindiziwerenga makalata a malipiro atumizeni kwa mnzanga ndiyankha ndikabwera

Mulibe bodza ngakhale limodzi mu uthengawu. Masiku onse awiri ndi oona, ndipo mnzakeyo analipodi pa ntchito. Koma munthu amene walandira yankho lotere amakhala ndi funso limodzi lalikulu, loti "ndikupezani liti?", ndipo funso limeneli uthengawu sunaliyankhe.

Tiyambe ndi liwu limene linayendetsa bambo uja. "Mpaka" timalinena tsiku ndi tsiku, koma silinena ngati tsiku lotchulidwalo lili mkati kapena kunja. Wogulitsa akakuuzani kuti sitolo yake imatsegula Lolemba mpaka Loweruka, mumadziwa kuti Loweruka mukaipeza yotsegula: tsikulo lili mkati. Koma wina akakuuzani kuti madzi satuluka mpaka Lolemba, ambiri timatchera ndowa Lolemba m'mawa, poganiza kuti vuto latha usiku wa Lamulungu: tsikulo lili kunja. Pocheza pamaso sitiona vuto, chifukwa wina akakayika amangofunsa kuti, "Ndiye Lachisanulo mudzakhalapo?" Amati kufunsa n'kudziwa njira, koma uthenga wodzitumiza wokha sungaufunse kanthu. Ndiye mwini wake ayenera kuyankhiratu funso limene wowerenga akanafunsa.

Mlamu wanga anaganiza kaye zochotsa "mpaka" n'kuikapo "kufikira". Sizikanathandiza, popeza mawu awiriwa ali ndi chilema chimodzi, ndipo amene amalemba mauthengawa m'Chingelezi amakumana ndi msampha womwewu pa liwu lawo lofanana nalo. Ena amawonjezera kuti "kuphatikizapo tsikulo". Zimathandizako, koma zimamusiyirabe wowerenga masamu oti awerengere yekha tsiku lotsatira la ntchito. Ndipo pa nkhani yathuyi masamuwo akanamusokeretsabe.

Onani kalendala ya mwezi umenewo. Pa 4 Julayi linali Lachisanu. Munthu amene wamva bwino kuti Lachisanulo mayiwo kulibe, akanadumpha Loweruka ndi Lamulungu n'kufika pa ofesi Lolemba pa 7. Koma chaka chimenecho tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, 6 Julayi, linagwa Lamulungu, ndipo monga zimakhalira kuno, tchuthi chinasunthira Lolemba. Maofesi anali otseka. Tsiku lenileni limene mlamu wanga amayembekezeka kukhala pa mpando wake linali Lachiwiri pa 8 Julayi. Choncho mawu akuti "mpaka 4/7" akanatha kutumiza anthu pa masiku atatu osiyana, pa 4, pa 7 ndi pa 8, ndipo tsiku loona, la 8, silinalembedwe paliponse mu uthengawo.

Ndinamufunsa kumene anawatenga masiku awiriwo. Anati anangokopera pa fomu ya tchuthi. Apa m'pamene ndinaona gwero la vuto lonse, ndipo ndikhulupirira kuti mauthenga ambiri otere amalakwikira pomwepa. Fomu ya tchuthi imalembedwera ofesi yoona za antchito, imene imafuna kudziwa kuti masiku a ntchito amene munthu wadya ndi angati. Kuchokera Lolemba pa 23 Juni kukafika Lachisanu pa 4 Julayi ndi masiku khumi a ntchito, ndipo kwa iwo nkhani yathera pomwepo. Loweruka, Lamulungu ndi tchuthi cha boma sizilowa m'kaundula wawo. Mlembi wa ku Mchinji alibe nazo ntchito zoti mayiwo adya masiku angati. Iye akufuna kudziwa tsiku lokwera minibasi. Masiku a pa fomu ndi oona kwa bwana, koma kwa mlendo amafunika kuwatembenuza kaye, ndipo woyenera kuwatembenuza ndi mwini uthenga, amene kalendala ya ofesi yake amaidziwa.

Chifukwa chake ndinamulangiza kuti tsiku lomaliza la tchuthi alichotseretu. Anadodoma pang'ono, poona ngati uthenga wopanda tsikulo ukhala wopereweza. Koma talingalirani mmene anthu amawerengera mauthengawa: pa foni, ali pa msika kapena m'minibasi, maso akungosaka nambala. Akaona masiku awiri oyandikana, 4 ndi 8, ena adzasunga la 4. Akaona limodzi, lokhala ndi mawu akuti "ndidzayambanso ntchito", palibe choti asankhe molakwika.

Kalembedwe ka 4/7 kali ndi vuto lakelake. Kuno tinatengera a ku Mangalande, amene amayamba ndi tsiku kenako mwezi, ndiye 4/7 ndi 4 Julayi. A ku Amereka amayamba ndi mwezi, ndiye kwa iwo 4/7 ndi 7 Epulo. Wina anganene kuti alimi a ku Mchinji sakuchita malonda ndi Amereka. N'zoona, koma makompyuta ndi mafoni ambiri amene tili nawo anatcheredwa mwa Chimereka, moti mlembi yemweyo amaona masiku olembedwa chotembenuza pa makina ake mpaka kuzolowera kukayika. Tsiku likapitirira 12 palibe chovuta, poti kulibe mwezi wa 23. N'chifukwa chake wowerenga wofatsa akanatha kuona 23/6 n'kuzindikira kuti mwini wake wayamba ndi tsiku. Koma masiku a pakati pa 1 ndi 12 a mwezi uliwonse amawerengeka pawiri, kupatula monga 3/3 kapena 7/7, ndipo mukawawerenga onse m'chaka amakwana 132. Tsiku lobwerera la mlamu wanga lili m'gulu limeneli. Akanangolemba 8/7, wina akanawerenga kuti 7 Ogasiti n'kudikira mwezi wathunthu.

Pali kalembedwe kamene mayiko anagwirizana, kotchedwa ISO 8601, kamene kanatuluka koyamba mu 1988. Kamayamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, motere: 2025-07-08. N'kabwino kwambiri potchula mafayilo, chifukwa amadzindandalika okha motsata nthawi. Koma polembera munthu, njira yapafupi ndi kulemba dzina la mwezi m'mawu, n'kuika dzina la tsiku patsogolo pake: Lachiwiri pa 8 Julayi 2025. Dzina la tsiku limagwira ntchito ziwiri. Wowerenga safunikanso kutsegula kalendala, ndiponso wolemba akalakwitsa nambala, kusagwirizana kwa tsiku ndi nambalayo kumamudzutsa asanatumize. Chaka nachonso ndimachikonda kuti chikhalepo, chifukwa makina amasunga uthenga wakale, ndipo anthu ambiri amangouyatsanso chaka chotsatira osauwerenga.

Pa dzina la tsikuli Chichewa chili ndi kamsampha kake. Mayina anayi a masiku athu ndi manambala: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Munthu akalemba ndi zilembo zazing'ono zokhazokha kuti "ndidzayankha tsiku lachiwiri ndikabwera", kodi akunena tsiku lotsatira Lolemba, kapena tsiku lachiwiri chibwerereni? Chilembo chachikulu n'chimene chimasiyanitsa. Amene amalemba pa foni mothamanga amachiona ngati chokongoletsera, koma pano chanyamula tanthauzo.

Mawu akuti "ndachokapo sabata yamawa" ndiwo anandipunthwitsa kwambiri powerenga. "Ndachokapo" akunena zimene zachitika kale, "sabata yamawa" akunena zam'tsogolo, ndiye chiganizo chikukokera uku ndi uku. Chinachitika n'chakuti mlamu wanga anaulemba uthengawu Lachisanu pa 20 Juni, akuweruka. Kwa iye tsiku limenelo, pa 23 panalidi sabata yamawa. Koma uthenga wotere suwerengedwa tsiku limene walembedwa. Umatuluka tsiku lililonse limene wina walemba kalata, kwa masabata awiri kapena kupitirira. Amene anaulandira pa 2 Julayi anawerenga "sabata yamawa" n'kuona sabata ya pa 7, imene sikugwirizana ndi manambala otsatirawo. Mawu onse otsamira pa tsiku la lero, monga mawa, mkuja, Lolemba likubwerali, mwezi uno, amavunda usiku umodzi wokha. Mu uthenga wodzitumiza wokha alibe malo.

Ngakhale "ndachokapo" payekha ndi wopepuka kwambiri pa ulendo wa masabata awiri. Timati "wachokapo" za munthu amene wangopita kuseri, woti ukakhala pa benchi pang'ono atulukira. "Ndachoka" nayenso angamveke ngati munthu wasiya ntchito. "Ndili pa tchuthi" kapena "sindili mu ofesi" ndi mawu osazungulira. Chimodzimodzi "ndiyankha" wa kumapeto uja: m'Chichewa, zochitika patsogolo ndithu timaziika "-dza-". "Ndiyankha" amapatsa munthu chiyembekezo cha lero kapena mawa, pamene "ndidzayankha" amamuuza kuti adikire.

Tsopano zizindikiro. Uthenga wonsewo unalibe mpumiro kapena mpatuliro ngakhale umodzi. Malo ambiri wowerenga amatha kudziikira yekha popumira, koma pali malo amodzi pamene sangathe. Tawerengani mawu awa: "sindiziwerenga makalata a malipiro atumizeni kwa mnzanga". Mukaika mpumiro pambuyo pa liwu lakuti "makalata", mupeza kuti mayiwo sakuwerenga kalata iliyonse, ndipo mwa onsewo a malipiro okha ndiwo apite kwa mnzawo. Mukausuntha mpumirowo n'kuuika pambuyo pa "malipiro", tanthauzo latembenuka: makalata a malipiro okha ndiwo sakuwerenga, kusonyeza kuti ena onse akuwaona ali kumudzi komweko. Mlamu wanga ankatanthauza zoyambazo. Koma munthu amene analemba zofunsa za matumba kapena za tsiku la msonkhano, atawerenga mwa njira yachiwiriyo, akanakhala phee kudikira yankho limene silikanabwera. Kadontho kamodzi, kutsogolo kapena kumbuyo kwa mawu awiri, ndiko kakanamuuza zoti adikire kapena afunse kwina.

Ndimawauza achinyamata a mu ofesi kuti njira yoyesera ndi kuwerenga mokweza. Pamene mawu anu atsika n'kupuma, pakufunika mpumiro. Mukapeza malo amene mungathe kupumira pawiri ndipo ponse pakumveka, dziwani kuti wowerenga wina adzapumira polakwika. Pa uthenga wa mtundu uwu ndi bwinonso mfundo iliyonse kuipatsa mzere wakewake, chifukwa pa foni ndime yaitali imaoneka ngati khoma.

Chotsala ndi "mnzanga". Mnzakeyo anali ndi dzina, imelo ndi nambala ya foni ya pa ofesi, koma zonsezi zinatsala m'mutu mwa wolemba. Anthu a mkati mwa bungwe ankamudziwa. Mlembi wa ku Mchinji, amene nkhani yake inali ya malipiro yeniyeniyo, sakanatha kulembera munthu wopanda dzina, n'chifukwa chake anasankha kudikira pa 4. Chimandiwawa n'chakuti mapepala akewo akanatha kulandiridwa sabata yathunthu m'mbuyomo. Tsiku limene anafikalo, mnzake uja anali atatumidwa ku banki, ndipo palibe amene anadziwa nthawi imene abwerere, poti panalibe pangano lililonse.

Titakambirana zonsezi pa foni, uthenga unatuluka motere:

> Zikomo chifukwa cha kalata yanu.
>
> Ndili pa tchuthi kuyambira Lolemba pa 23 Juni 2025. Ndidzayambanso ntchito Lachiwiri pa 8 Julayi 2025.
>
> Masiku amenewa sindikuwerenga makalata, ndipo kalata yanuyi sinapite kwa munthu wina.
>
> Ngati nkhani yanu ndi ya malipiro, lemberani kapena imbirani wothandizana naye wanga, amene dzina, imelo ndi nambala yake zili m'munsimu.
>
> Makalata ena onse ndidzakhala nditayankha pofika Lachisanu pa 11 Julayi.

M'munsi mwake anaika dzina la mnzakeyo, atamupempha kaye chilolezo, ndipo pa mutu wa uthenga analembapo tsiku lobwerera lomwelo, kuti ngakhale wosatsegula kalata alione.

Mizere iwiri mwa imeneyi sinali mu uthenga woyamba. Wakuti kalata sinapite kwa wina ndi wofunika chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti makina akayankha, ndiye kuti aperekanso kalatayo kwa wogwirizira. Sizili choncho, kutumiza makalata kwa wina ndi chinthu china chimene chimatcheredwa pachokha. Mzere wa pa 11 Julayi tinakanganapo. Mlamu wanga ankafuna kulemba kuti adzayankha "mwamsanga". Ndinamufunsa kuti akadzatsegula kompyuta pa 8 adzapeza makalata a masiku angati. Anawerenga n'kupeza kuti apitirira masabata awiri. Tsiku lobwerera si tsiku loyankha aliyense, ndipo kulonjeza masiku anayi n'kukwanitsa kumaposa "mwamsanga" amene wina amumva ngati Lachiwiri m'mawa. Zoti ali kumudzi kuti, komanso chifukwa chake, sitinalembe. Uthengawu umapita kwa aliyense amene walemba, ngakhale wosamudziwa, ndipo palibe chifukwa chouza dziko lonse kuti kunyumba kulibe munthu.

Kukonza mawu sikunathetse ntchito, chifukwa makina nawo ali ndi masiku awo. Mlamu wanga amagwiritsa ntchito Gmail, mmene mbali imeneyi imatchedwa Vacation responder. Muli mabokosi awiri, First day ndi Last day. Uthenga umayamba kutuluka pakati pa usiku tsiku loyambalo likamayamba, ndipo umasiya 11:59 usiku wa tsiku lomalizalo. Iye anali ataika 4 Julayi mu Last day, kukoperanso pa fomu ija. Zikanatero, usiku womwewo uthenga ukanazima, ndipo aliyense wolemba Loweruka, Lamulungu kapena Lolemba la tchuthi sakanalandira kanthu. Tinasintha n'kuikamo 7 Julayi, tsiku lomaliza limene iye kulibe. Mu uthenga mumalemba tsiku lobwerera, koma m'bokosi mumaika dzulo lake. Amene ali pa Outlook amapeza zomwezi pa Automatic Replies, kungoti kumeneko amafunsanso ola, ndipo pa imelo ya kuntchito pamakhala malo awiri olembapo, Inside My Organization ndi Outside My Organization. Ambiri amakonza a mkati n'kuiwala a kunja, kumene kuli anthu osadziwa "mnzanga" aja.

Palinso china chimene anthu sachidziwa, ndipo chimakhudza amene analandira kale uthenga wolakwika. Makinawa sayankha kalata iliyonse. Gmail imati ikamuyankha munthu, simuyankhanso mpaka patapita masiku anayi, pokhapokha mwini wake atasintha uthengawo. Outlook ya kuntchito imamuyankha munthu kamodzi kokha pa nthawi yonseyo, ndipo kuti iyambirenso pamafunika kuzimitsa ndi kuyatsanso. Anachita dala chomwechi kuti makina awiri asamangoyankhana usiku wonse, komanso kuti munthu asatope ndi uthenga umodzimodzi. Koma zotsatira zake n'zakuti uthenga wokonzedwa suwatsata okha anthu amene anasokera ndi woyamba uja. Amauona pokhapokha akalembanso. Ndipo ngati mukufuna kuyesa ngati zikuyenda, lembani kuchokera ku imelo ina, monga ya mnzanu, n'kuuwerenga pa foni yake monga mmene mlendo adzauonere.

Kuti wolandira amakhulupirira zilizonse zimene zabwera ngati yankho, zinaoneka poyera ku Swansea, m'dziko la Wales, mu 2008. Kumeneko zikwangwani za pamsewu zimalembedwa m'zilankhulo ziwiri. A khonsolo anatumiza imelo kwa womasulira, kupempha mawu a chilankhulo cha ku Wales oletsa magalimoto akuluakulu a katundu kulowa m'dera lokhala anthu. Yankho linabwera m'chilankhulocho, iwo n'kulisindikiza pa chikwangwani, n'kuchizika pamsewu. Odziwa chilankhulocho atadutsa anapeza kuti chikwangwanicho chikulengeza kuti mwini wake sali mu ofesi pakali pano, ndipo ntchito yomasulira aitumize. Linali yankho lodzitumiza lokha. Apa wolemba sanalakwitse tsiku kapena mpumiro, koma anthu amene ankamulembera sankamva chilankhulo chimene iye anayankhira. N'chifukwa chake ndinamuuza mlamu wanga kuti popeza ena amene amamulembera ndi a kubanki ndi ogula a kunja, aike mawu omwewo m'Chingelezi pansi pa a Chichewa, n'kuonetsetsa kuti masiku a m'ndime ziwirizo ndi amodzi.

Usiku wa Lachisanu lomwelo, atasunga uthenga watsopano, anatsegula bokosi la makalata koyamba chichokereni, osati kuti ayankhe nkhani zake, koma kuti aone amene analemba kuyambira pa 20 Juni. Aliyense wa iwo anamutumizira mzere umodzi wonena za Lachiwiri pa 8 Julayi ndi nambala ya mnzake uja. Mlembi wa ku Mchinji anamuimbira foni yekha. "Bambo, pepani kwambiri, ndinakuyendetsani ndine. Musabwerenso Lolemba, n'tchuthi. Mapepalawo muwajambule pa foni munditumizire, Lachiwiri m'mawa ndikayambira anuwo."